Kotesheni ya bafa: mmene mungaiwerengere musanapereke dipoziti

Funso ili ndimalimva kawirikawiri pakati pa ife a kwathu amene tikukhala muno mu Harare, kaya ku Mufakose, ku Highfield, ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa. Munthu amanditambasulira foni kapena kapepala n'kunena kuti, "Achimwene, taonani, amisiri akuti kukonza bafa lonse ndi madola 1,500. Kodi akundidula?" Yankho langa limakhala lomwelo nthawi zonse: pa nambala imodzi yotere palibe amene anganene kuti mwadulidwa kapena ayi, chifukwa sitikuona zimene zili m'kati mwake. Kotesheni yoti munthu n'kuiweruza imakhala ndi magawo atatu olekana, zipangizo, leba ndi ndalama ya zadzidzidzi, ndipo gawo lililonse limakhala ndi mizere yake. Ndalemba pano ndondomeko yonse kuti wofunsa aziwerenga yekha.

Chitsanzo chimene tiyende nacho ndi bafa la m'nyumba yakale ya kulokeshoni, la mamita 2.4 m'litali ndi 1.8 m'lifupi, lokhala ndi chimbudzi, sinki ndi shawa. Mitengo imene ndaika ndi yongophunzirira masamu. Yanu mukaitenge kusitolo sabata imene mukufuna kuyamba ntchito.

1. Lembani nokha zimene mukufuna musanaitane mmisiri

Mawu akuti "ndikufuna mundikonzere bafa" aliyense amawamva mwake. Wina aganiza zongosintha matailosi, wina aganiza zogumula zonse mpaka mapaipi. Mukaitana amisiri atatu ndi mawu amenewa mulandira mitengo itatu ya ntchito zitatu zosiyana, ndipo mudzathamangira yotsika mosadziwa kuti yatsika chifukwa chosiya theka la ntchito.

Tengani pepala limodzi mulembe zinthu izi: chimene chikuchotsedwa, chimene chikutsala, chimene chikusuntha malo, ndi pamene matailosi akalekezere pakhoma. Mfundo ya kusuntha malo ndiyo imadya ndalama. Chimbudzi chikakhala pomwe chinali, pulambala amangolumikiza paipi yomwe ilipo. Chikasuntha ngakhale theka la mita, pansi pagumulidwa kuti paipi yaikulu ya mamilimita 110 ipeze njira yatsopano yotsetsereka. Ngati mukugumula khoma kapena kusintha njira ya suweji kunja kwa nyumba, nkhaniyo imafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi, mwini wake avomere polemba musanagwire hamala.

Pepala lomwelo mulipereke kwa mmisiri aliyense amene mwamuitana.

2. Mmisiri abwere adzayeze, inu muli pomwepo

Kotesheni yolembedwa chifukwa cha zithunzi za pafoni musaivomere. Mmisiri afike ndi tepi, ndipo inu muimirire pambali ndi cholembera. Onani ngati akugogoda khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pulasitala wolimba amalira mouma, koma wolekana ndi njerwa amalira mwamphako, ndipo ameneyo adzagwa pamodzi ndi matailosi akale. Onani ngati watuluka panja kukaona pamene madzi a shawa ndi sinki amagwera, ngati wasuzumira kuseri kwa mtondo wa chimbudzi, ndiponso ngati wapita kuchipinda choyandikana ndi bafa kukaona khoma la mbali inayo. Utoto wotupa kapena mchere woyera m'munsi mwa khomalo ndi chizindikiro chakuti madzi akhala akudutsa kwa nthawi yaitali.

Kuseri kwa mtondo kuja kuli nkhani imene anthu ambiri amailipira kawiri. Mitondo ilipo ya mitundu iwiri, wotulutsira kukhoma, umene m'masitolo amati wa P, ndi wotulutsira pansi, umene amati wa S. Mukagula wolakwika, mwina mukaubweze kapena pulambala ayambe kulumikiza mokhotakhota. Kotesheni inene mtundu wake.

Funso lina limene mmisiri wabwino amafunsa ndi lakuti madzi anu amachokera kuti. Muno madzi a khonsolo sabwera tsiku lililonse, ndiye nyumba zambiri zili ndi thanki, zina ndi pampu yokankha madzi, zina ayi. Giza ya dzuwa yokhala padenga imene madzi ake amangotsika okha imakhala ndi mphamvu yochepa. Mukaiphatikiza ndi madzi ozizira okankhidwa ndi pampu pa mpope umodzi wosakaniza, ozizira amagonjetsa otentha ndipo shawa sidzakoma. Mmisiri amene sanafunse zimenezi sangakulembereni mpope woyenera.

3. Gawo la zipangizo: yesani masamu ake nokha

Mzere uliwonse wa gawo ili ukhale ndi zinthu zinayi: dzina la chinthu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi mtengo wonse. Mzere wongoti "matailosi, 250" sukuuzani kanthu. Masamu ake si ovuta, tiyeni tichitire limodzi.

Pansi pa bafa lathu ndi 2.4 kuchulukitsa ndi 1.8, zomwe ndi masikweya mita 4.32. Kuzungulira makoma onse anayi ndi mamita 8.4, ndipo ngati matailosi akukwera mpaka mamita 2.1, makomawo ndi masikweya mita 17.64. Tichotsepo khomo, lomwe ndi 1.68, ndi zenera laling'ono, lomwe ndi 0.36. Patsala 15.6. Pamenepa timaonjeza gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa matailosi amadulidwa m'makona ndipo ena amasweka, ndiye tifika pa 17.2. Ngati bokosi limodzi limakwana masikweya mita 1.5, tikufuna mabokosi 12. Pansi, mwa njira yomweyo, tikufuna mabokosi 4.

Zoonjezerazi ndi za kudula ndi kusweka basi, ndipo malo ake ndi m'gawo la zipangizo. Mmisiri asadzakuuzeni kuti matailosi aperewera ndiye atenge ku ndalama ya zadzidzidzi. Kuperewera kwa matailosi ndi kulakwitsa poyeza, ndipo pogula mabokosi onse tsiku limodzi mumapewanso vuto la mtundu, chifukwa matailosi a dzina limodzi opangidwa nthawi zosiyana amasiyana maonekedwe pang'ono. Yang'anani nambala ya pabokosi kuti ikhale imodzi.

Guluu wa matailosi amabwera m'matumba a makilogalamu 20, ndipo thumba limodzi limamata pafupifupi masikweya mita anayi pakhoma losalala. Pa masikweya mita 20 athu, matumba asanu akwana, lachisanu ndi chimodzi n'loyembekezera khoma lokhota. Simenti ya makilogalamu 50, yokonzera pansi ndi kupaka pulasitala watsopano m'bafa laling'ono chotere, matumba anayi ndi okwanira. Mukaona matumba khumi pa kotesheni, funsani mwaulemu kuti, "Amisiri, enawa akupita pati?" Mwina ali ndi chifukwa chabwino, monga khoma lotchinga shawa limene munaiwala kuti munalitchula. Ngati alibe, nambalayo itsika yokha.

Gawo la zipangizo la bafa lathu likuoneka chonchi, m'madola a ku Amereka:

- matailosi a khoma, mabokosi 12 pa 11: 132
- matailosi a pansi osaterera, mabokosi 4 pa 13: 52
- guluu, matumba 6 pa 7: 42
- girauti yotsekera mipata ya matailosi, mapaketi 2 pa 5: 10
- simenti, matumba 4 pa 11: 44
- mchenga wa kumtsinje ndi wopakira pulasitala: 25
- mankhwala otchinga madzi ndi nsalu yake ya m'makona: 45
- mtondo wa P ndi thanki yake: 95
- sinki ndi mpope wake: 70
- mpope wa shawa ndi mutu wake: 55
- mapaipi, zolumikizira, mavalavu ndi matilapu: 110
- utoto, silikoni ndi tizinthu tomalizira: 40

Zonse pamodzi ndi 720. Pansi pake pakhale mizere iwiri imene imaiwalika kwambiri: galimoto yonyamula katundu, 30, ndi kuchotsa zogumulidwa pakhomo, 40. Bafa laling'ono limatulutsa mulu wodabwitsa wa matailosi osweka ndi pulasitala, ndipo ngati kotesheni sinanene wouchotsa, muluwo udzakhala pageti panu mpaka mvula.

Mzere wa mapaipi ndi umene mumabisala zambiri. Pemphani kuti ulembedwe padera pa tsamba lachiwiri, paipi ya mtundu wanji, ya mamilimita angati, mamita angati, mavalavu angati. Pakhale valavu yotsekera bafa lokha, ndiponso kavalavu pa thanki ya chimbudzi ndi pa sinki, kuti tsiku limene mpope wavuta musadzatseke madzi a nyumba yonse.

Gwirizananinso za wogula. Mukagula nokha mumadziwa mtengo weniweni, koma chinthu chikakhala cholakwika mlandu ndi wanu. Akagula mmisiri, abweretse malisiti, ndipo ngati amaikapo kangachepe pa kuyenda kwake, kalembedwe poyera. Ine ndimalangiza kuti zooneka ndi maso, matailosi, mtondo, sinki ndi mipope, mukasankhe nokha, koma zolowa m'khoma mupite naye limodzi pulambala. Ku Siyaso ku Magaba, ku Mbare, mumapezeka pafupifupi chilichonse pa mtengo wotsika, zatsopano ndi zakale zomwe, ndipo pa zinthu monga wilibala kapena felemu la chitseko n'kwabwino ndithu. Koma cholumikizira chimene chikakwiriridwe kuseri kwa matailosi chigulidwe pamalo opereka lisiti, chifukwa chikadzadontha mudzaswa khoma la madola mazana kuti musinthe kanthu ka madola awiri.

4. Gawo la leba

Leba ndi malipiro a manja a amisiri. Ilembedwe potsata ntchito, osati potsata masiku, chifukwa wolipidwa pa tsiku alibe chomufulumizitsa. Ya bafa lathu ili motere:

- kugumula ndi kutulutsa zakale: 60
- kuika mapaipi m'khoma ndi pansi, ndi kuwayesa: 120
- pulasitala ndi kukonza pansi motsetsereka: 80
- kupaka zotchinga madzi ndi kuyesa: 30
- kumata matailosi, masikweya mita 20 pa 5: 100
- kuika mtondo, sinki ndi mipope: 60
- utoto ndi kumaliza: 30

Pamodzi ndi 480. Funsani ngati pulambala ndi womata matailosi ali m'kati mwa nambalayi. Bilidala wamng'ono nthawi zambiri amaitana mnzake pa ntchito ya mapaipi, ndipo si zachilendo kuti mnzakeyo adzakupezeni madzulo akufuna malipiro ake kwa inu. Kotesheni inene kuti onse amene abwere pa ntchito akulipidwa ndi mwini kotesheniyo. Ngati pali za magetsi, monga nyale kapena waya wa giza, ukhale mzere wakewake ndipo agwire ndi munthu wodziwa magetsi.

Mawu akuti "ndi kuyesa" pa mizere iwiri ija musawalole kuchoka. Mapaipi amayesedwa asanakwiriridwe: amatsekedwa kumapeto, amadzazidwa madzi okankhidwa mwamphamvu, n'kusiyidwa usiku wonse kuti muone ngati polumikizira pakunyowa. Apa ndi pamene Harare amatipusitsa. Sabata imene mmisiri akufuna kutseka khoma, mpope ukhoza kukhala wouma, ndiye iye amangoti, "Musadandaule bambo, ndamanga bwino." Madzi a khonsolo akadzabwera pakati pa usiku ndi mphamvu yake, matailosi ali kale pakhoma. Lembani m'kotesheni kuti khoma silitsekedwa mapaipi asanayesedwe, ndipo ngati madzi kulibe pulambala abweretse pampu yoyesera ya pamanja.

Pansi pa shawa pamayesedwanso. Zotchinga madzi zikapakidwa kawiri n'kuuma, potulukira madzi pamatsekedwa, pamathiridwa madzi ofika chala chimodzi kapena ziwiri, ndipo mumalemba chizindikiro pamene madziwo alekezera. Pakatha maola 24 mukaone ngati atsika komanso ngati khoma la kuchipinda chinacho lanyowa. Matailosi ndi girauti sizitchinga madzi kotheratu, chimene chimateteza khoma ndi chopakidwa pansi pakecho.

Zinthu ziwiri za kuno zimene zimayambanitsa anthu ndi madzi omangira ndi magetsi. Ngati mpope wauma, ndani agule madzi okandira simenti? Ngati ZESA yazimitsa magetsi tsiku lonse ndipo girayinda ikufunika, jenereta ndi mafuta ake ndi za yani? Mzere umodzi pa kotesheni umathetsa mkanganowu usanayambe.

5. Ndalama ya zadzidzidzi

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha kapena kulimvetsa molakwa, ndiye ndikhalapo nthawi. Pa mapepala amalilemba kuti kontinjensi. Ndi ndalama yoikidwa padera chifukwa cha zinthu zimene palibe angazione khoma ndi pansi zisanagumulidwe. Mmisiri ngakhale waluso bwanji sangaone m'kati mwa paipi yokwiriridwa zaka makumi angapo zapitazo.

Pali njira ziwiri zolakwika zimene ndimaziona. Yoyamba, kotesheni ilibe gawoli n'komwe. Imaoneka yotsika, mumasangalala, ndiye tsiku lachitatu bafa lili chigumulire, banja likusamba m'ndowa kuseri kwa nyumba, mmisiri akubwera ndi nkhope yachisoni kuti paipi yaola ndipo pakufunika madola 150. Nthawi imeneyo simungakambirane mtengo, chifukwa simungamuthamangitse bafa lili choncho. Yachiwiri, gawoli lilipo koma laphatikizidwa mu ndalama yonse imene mukupereka, ndiye kaya vuto lapezeka kaya ayi, ndalamayo yapita.

Njira yoyenera ndi iyi. Ndalama ya zadzidzidzi ndi yanu, imakhala m'thumba mwanu, ndipo imatuluka pokhapokha vuto laoneka ndi maso anu ndipo mwavomera mtengo wake polemba. Yotsala pamapeto simuipereka kwa aliyense. Uzani mmisiri zimenezi pa tsiku loyamba, momveka, ndipo zilembedwe pansi pa mzerewo.

Kuchuluka kwake kumatsata msinkhu wa nyumba ndi zimene munaona poyeza. Nyumba yatsopano ya mapaipi apulasitiki, pamene mukungosintha matailosi, magawo 10 pa 100 alionse akwanira. Nyumba zakale za khonsolo za ku Highfield, Mufakose kapena Mabvuku, zimene zambiri zikadali ndi mapaipi achitsulo oyambirira, ikani 15 kapena 20. Pa bafa lathu, zipangizo 720, mayendedwe ndi kuchotsa zogumulidwa 70, leba 480, pamodzi ndi 1,270. Magawo 15 pa 100 a ndalamayi ndi pafupifupi 190. Ndiye ndalama imene muyenera kukhala nayo musanayambe ndi 1,460, koma imene mwalonjeza kupereka ndi 1,270.

Tsopano chinthu chovuta, chimene chimasiyanitsa kotesheni yabwino ndi yongooneka bwino. Peresenti payokha sikutetezani, chifukwa vuto likapezeka mtengo wake udzatchulidwa pamene inu muli pakona. Choncho musanasaine, khalani pansi ndi mmisiri mumufunse kuti, "Amisiri, pa nyumba ngati ino, mukagumula mumakonda kupeza chiyani?" Mmisiri amene wagwira ntchito m'malokeshoni athu sachedwa kuyankha. Chilichonse chimene watchula, mugwirizane mtengo wake lero lomwe, n'kulemba kuti "ngati chipezeka". Pa bafa lathu mndandanda unatuluka wotere:

- ngati paipi yachitsulo yochokera pa valavu ya panja kufika kubafa yadzimbirira, kusintha mamita 8, zipangizo ndi leba: 70
- ngati paipi ya suweji ya pansi pa bafa yasweka, kusintha mpaka kunja kwa khoma: 85
- ngati chinyezi chawononga pulasitala wa kuchipinda choyandikana, kugumula ndi kupaka wina: 50
- ngati felemu lachitsulo la chitseko ladyeka m'munsi, kusintha: 40

Zonse zinayi ndi 245, kuposa 190 yathu, koma si kawirikawiri kuti zonse zipezeke m'bafa limodzi. Ndalama yathu ikukwanira ziwiri zikuluzikuluzo n'kutsala 35. Mukaona kuti siikukwanira ngakhale ziwirizo, kwezani peresenti kapena dikirani mwezi wina kuti musonkhe, chifukwa kuyamba ntchito ya bafa ndalama zili zoperewera kumasiya banja popanda posambira kwa milungu.

Tinene kuti ntchito yayamba. Atagumula, pulambala wadula paipi yachitsulo ija n'kukuitanani. Muitenge m'manja muyang'ane m'kati moloza kuwala. Paipi ya mamilimita 15 yodwala imakhala itamera dzimbiri lofiirira m'kati mpaka bowo lotsala n'kungokwana pensulo, ndipo popota pake pamafumbutuka mukakanda ndi msomali. N'chifukwa chake shawa yanu inkangodontheza. Mwaona ndi maso, mwajambula chithunzi, mwalemba uthenga pafoni wakuti "Ndavomera kusintha paipi, madola 70, monga tinagwirizana," ndipo iye wayankha kuti wamva. Pulasitala wa kuchipinda wapezekanso wofumbwa, 50 ina yatuluka mwa njira yomweyo. Suweji ndi felemu zapezeka zili bwino. Mwagwiritsa ntchito 120, yatsala 70, ndipo bafa lonse lakudyerani 1,390.

Zinthu zitatu sizilowa m'gawoli ngakhale mmisiri atachonderera. Choyamba ndi zimene anaiwala kulemba koma zinali poyera tsiku loyeza. Chachiwiri ndi zimene anthu ake aswa kapena kulakwitsa. Chachitatu chikukhudza inu eni ake, ndicho kusintha maganizo. Mukapita kusitolo n'kukopeka ndi matailosi odula kuposa amene munalemba, kapena mayi a kunyumba akafuna kashelefu m'khoma la shawa, imeneyo ndi ntchito yoonjezera, ilembedwe payokha ndi mtengo wake, ndipo ndalama yake ichokere kwina. Ambiri amadya ndalama ya zadzidzidzi pa zokongoletsa sabata yoyamba, ndiye suweji ikapezeka yosweka alibe pogwira.

6. Mtundu wa ndalama ndi nthawi ya kotesheni

Pamwamba pa pepala palembedwe kuti mitengo ili m'madola a ku Amereka kapena mu ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024. Ngati mudzalipira mu ZiG pa mtengo wotchulidwa m'madola, gwirizanani kuti mudzasinthira pa mlingo uti ndiponso wa tsiku liti. Ngati mukulipira pa EcoCash kapena kubanki, nenani wolipira ndalama zodulidwa potumiza. Mukalipira ndalama ya m'manja, mmisiri asaine pa kope lanu nthawi iliyonse, ndipo muone kuti mapepala a madolawo ndi osang'ambika, poti ong'ambika amakanidwa m'masitolo ambiri ndipo adzakubwezerani.

Kotesheni inenenso masiku amene mitengo yake ikugwira ntchito, monga 14. Inu amene mukutumiza ndalama kuchokera ku Joni kapena kwina kuti mukonzere makolo bafa, samalani apa: musapemphe kotesheni mu Juni n'kudzatumiza ndalama mu Okutobala mukuyembekeza mtengo womwewo.

7. Kalipiridwe

Ndalama ya zipangizo ipite ku zipangizo, ndipo katundu afikire pakhomo panu, osati kwa mmisiri. Leba igawidwe potsata ntchito yooneka. Pa 480 yathu ndingagawe chonchi: 100 tsiku loyamba ntchito, 140 mapaipi akayesedwa n'kupezeka osadontha, 140 matailosi akatha, 50 zonse zikaikidwa ndipo bafa likugwira ntchito, ndi 50 yomaliza pakatha milungu iwiri. Yomalizayi imasungidwa kuti chikadontha china mmisiri abwerere. Chifukwa cha mmene madzi amabwerera muno, ndi bwino kulemba kuti idzaperekedwa pakatha milungu iwiri ndiponso madzi a khonsolo atabwera kawiri, kuti mapaipi alawe mphamvu yeniyeni.

Mmisiri wamng'ono alibe ndalama zambiri zoyendetsera ntchito, ali ndi anyamata ofuna kudya madzulo, ndiye gawo likakwana mulipireni tsiku lomwelo. Amene amazengereza kulipira ndi amene amisiri amawathawira ku ntchito ina pakati pa sabata.

Masiku a ntchito alembedwenso, koma musakakamize kuti bafa lithe m'masiku anayi. Pulasitala ndi simenti ya pansi zimafuna sabata kapena kuposa kuti ziume zisanapakidwe zotchinga madzi, ndipo nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, zimachedwa kwambiri. Matailosi omatidwa pa pulasitala wamuwisi amadzayamba kulira mwamphako n'kusweka. Bafa ngati lathuli, milungu iwiri kapena itatu ndi nthawi yoona, ndipo konzani posambira pena pa masiku amenewo.

8. Kufananitsa makotesheni

Mukalandira awiri kapena atatu, musayambe ndi nambala ya pansi. Aikeni pa tebulo moyandikana, mutsate mzere ndi mzere ndi pepala lanu loyamba lija. Pamene wina walemba ndipo wina sanalembe, ikani chizindikiro mukamufunse. Kawirikawiri yotsika kwambiri imakhala ilibe zotchinga madzi, kuchotsa zogumulidwa, kapena pulasitala watsopano, ndipo mukazibwezeramo imafanana ndi zinzake. Yang'ananinso ngati pali mndandanda wa zimene sizili m'kati, monga galasi la shawa, kalilole, giza kapena chitseko, kuti musadzayembekeze chinthu chimene palibe anachilipira.

Mwa amisiri amene atsala, pemphani kukaona bafa limene anamanga chaka chapita kapena kuposa, osati la sabata yatha. Mukafika, thirani ndowa ya madzi m'shawa muone ngati onse akuthamangira potulukira kapena akuima m'kona, gogodani matailosi angapo, ndipo pemphani eni nyumba akuonetseni khoma la kuseri kwa shawa. Mukakhutira, nonse awiri musaine masamba onse a kotesheni, kuphatikizapo tsamba la mapaipi ndi mndandanda wa "ngati chipezeka", palembedwe tsiku, dzina lonse la mmisiri ndi nambala ya chitupa chake, ndipo aliyense atenge kope lake dipoziti isanatuluke.